Nyimbo Zaulere Zimene Ndinkalipira

Ntchito yanga ndi yosankhula ndi kulongedza ndiwo zamasamba pafupi ndi msika waukulu wa ku Epping, kuno ku Cape Town. Ndimanyamuka ku Langa kusanache, ndipo chimene chimandiperekeza panjira ndi mawu a malemu Lucius Banda ndi a Black Missionaries m'makutu mwanga. Ndikawerengera ulendo wopita, wobwerera ndi nthawi yopuma, ndimamvera nyimbo pafoni maola atatu patsiku.

Kwa nthawi yaitali ndinkamvera pa Spotify yaulere. Ndinkadziuza kuti munthu wotumiza ndalama kwa amayi ku Dedza mwezi ndi mwezi sayenera kulipirira nyimbo. Mauthenga otsatsa malonda sanali kundisautsa. Tinakula nawo pawailesi, ena mpaka tinkawaimba pamtima.

Koma ndinadzazindikira mochedwa kuti funso lenileni silinali la otsatsa malonda ayi, linali la deta. Yaulere silola kusunga nyimbo m'foni, choncho kumvera kumadya bandulo. Pa mlingo wa "Normal", ola limodzi limatenga pafupifupi mamegabaiti 43. Maola atatu patsiku, masiku 26 a ntchito, ndi maola 78. Ndikachulukitsa ndimapeza magigabaiti oposa atatu. Ineyo, amene ndinkadzitama kuti ndine wosamala ndalama, ndinkagula timabandulo ta tsiku limodzi, tomwe timaoneka totsika mtengo chifukwa timachoka m'thumba pang'onopang'ono. Nditaphatikiza za mwezi wonse, zinaposa mtengo wa "Premium".

Musafulumire kunena kuti yolipira yapambana, abale anga. Kulipira pakokha sikuchepetsa deta ngakhale pang'ono. Phindu lake lagona pa kutsitsiratu nyimbo, ndipo kuti kutsitsako kusadye bandulo pamafunika wayifayi. Ine ndili ndi mwayi, chifukwa kutchalitchi kwathu ilipo, ndipo Lamlungu ndimatsitsa zokwanira sabata yonse. Nyimbo ya mphindi zinayi imatenga mamegabaiti ngati atatu, motero nyimbo 300 zimafuna malo osafika gigabaiti imodzi. Kafoni kanga kanakwanitsa nditafufuta makanema akale a maukwati.

Mnzanga wa ku Chipata, amene timagwira ntchito pa tebulo limodzi, alibe kotsitsira. Iye anakhalabe pa yaulere, nayatsa "Data Saver", imene imatsitsa ola limodzi kufika mamegabaiti ngati 11. Mawu amapyapyala ndithu, koma pakati pa phokoso la malole a ku Epping khutu silisiyanitsa kwenikweni. Ndikuona kuti anasankha bwino monga momwe ndinasankhira ine.

Chimene chimandikhalabe pamtima n'chakuti nyimbo zotsitsazo si zanga. Foni iyenera kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse, ndipo mwezi umene ndidzalephere kulipira, sizidzaimbanso popanda deta. Makaseti a bambo anga, ngakhale anatha mawu, akadali m'sutikesi kumudzi. Mwezi wa Januwale, pofika nthawi ya fizi ya mlongo wanga, ndidzabwerera ku yaulere, ndi "Data Saver" yoyatsa.