Chizindikiro cha pa chikhadabo: kodi chikuyenda kapena chaima?

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timalandira zithunzi za manja pa WhatsApp. Wina wajambula dzanja la amayi ake ku Petauke, wina la ambuye ake ku Nyimba, ndipo funso limakhala limodzi: "Kodi aka n'koopsa?" Sindife madokotala, ndipo chithunzi sichipima munthu. Koma pali funso limene chithunzi chingayankhe bwino: kodi chizindikirocho chikuyenda pamodzi ndi chikhadabo, kapena chaima malo amodzi?

Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, kuchokera kutsinde, pamene chimatulukira m'khungu. Kuti chonse chisinthike pamapita miyezi ngati 6, pamene cha kuphazi chimafuna chaka kapena kupitirira. Choncho zimene zinachitika kamodzi n'kutha zimakankhidwira kunsonga mpaka tiziwenge. Zimene zikuchitikabe kutsinde sizichoka.

Tiyambe ndi mizere. Timizere totumphuka toyenda m'litali, kuchokera kutsinde kupita kunsonga, timabwera ndi ukulu, monga imvi. Kangalande kopingasa n'kosiyana. Kamaoneka pamene thupi linadwala kwambiri ndipo chikhadabo chinaleka kukula kwa masiku angapo. Tiyerekeze kuti mlongo wanu ku Nyimba anagona ndi malungo aakulu mu Febuluwale. Mu Epulo kapena Meyi mukuona kangalande pa zala zambiri, mamilimita ngati 6 kuchokera kutsinde. Gawani 6 ndi 3, mupeza miyezi iwiri. Onjezerani milungu ingapo imene kanabisala pansi pa khungu, mufika pa malungo aja. Kameneko ndi phazi la matenda amene anadutsa. Koma ngati timangalande tatsopano tikubwerabwera, kuchipatala akafufuze chifukwa.

Mtundu nawo umanamiza. Amene wakhala akuswa nshawa kapena kudula mikoko ya nthochi amakhala ndi zikhadabo zothimbirira ndi dothi ndi utomoni, ndipo izi zili pamwamba chabe. Amene wadzimenya ndi nyundo amakhala ndi magazi ouma pansi pa chikhadabo. Pakatha mwezi, pakati pa banga ndi tsinde pamaoneka chikhadabo choyera. Ndiye kuti bangalo likuyenda.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi mzere wakuda kapena wofiirira woyenda m'litali. Kwa ife akhungu lakuda mizere yotere ndi yofala, makamaka ikakhala yopyapyala, pa zala zingapo, ndiponso yosasintha kwa zaka. Mankhwala ena amadetsanso zikhadabo, choncho tisaweruze munthu ndi dzanja lake, ndipo wina asaleke mankhwala asanafunse kukiliniki. Koma mzere ukakhala pa chala chimodzi chokha, makamaka chachikulu cha kumanja kapena kuphazi, wangoyamba munthu atakula kale, wapitirira mamilimita 3 m'lifupi, ukukulirakulira, kapena kuda kwake kwafalikira pakhungu la m'mbali, umenewo si wodikira nawo. Ungakhale kansa ya khungu yotchedwa melanoma. Ambiri timaganiza kuti imagwira azungu okha, koma Bob Marley anamupeza nayo mu 1977 pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi, ndipo inamupha mu 1981 ali ndi zaka 36.

Nanga kujambula kwake? Chotsani kyuteksi, sambani m'manja, khalani panja pamthunzi masana. Zimitsani fulashi, ndipo musakongoletse chithunzi, chifukwa mafoni ambiri amasalaza khungu ndi kusintha mtundu. Ikani rula ya mwana wa sukulu pambali pa chala, jambulaninso manja onse awiri pamodzi, ndipo lembani tsiku. Pakatha milungu inayi bwerezani pamalo omwewo. Banga la magazi lidzakhala litasuntha; mzere wochokera kutsinde udzakhala pomwepo.

Pali ena osafunika kudikira chithunzi chachiwiri: wa mzere uja wofalikira pakhungu; wa chala chotupa, chopweteka, chotuluka mafinya; wa zikhadabo zotuwa kapena zolowa pakati ngati sipuni, amenenso amatopa msanga, pakuti angakhale ndi magazi ochepa; ndi wa nsonga za zala zonenepa, zikhadabo zokhotera pansi, makamaka ngati akutsokomola nthawi yaitali.

Yambirani pa kiliniki yapafupi. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Nyimba kapena cha Petauke, ndipo akakayikira kansa njira imafika mpaka ku Lusaka, kumene kuli chipatala cha matenda amenewa. Kuti atsimikize, amadula kanyama pang'ono n'kukapima.

Inu amene muli m'tauni, chithunzi chikafika kuchokera kumudzi, musangoyankha kuti "Palibe vuto, amama." Funsani kuti zinayamba liti, zili pa zala zingati, ndiponso ngati zikusuntha. Yankho likakhala lakuti chala chimodzi, ndipo mzere ukukula, tumizani ndalama ya ulendo sabata yomweyo.