Kope la chipepeso

Pa maliro a mayi anga aang'ono anandipatsa kope la chipepeso, ati poti ndine wophunzira. Zolowa ndinalemba zonse, koma amalume akadzatapa ya nkhuni kapena ya ufa wa adzukulu, sindinkalemba. Ndikanawauza bwanji kuti asaine, mlongo wawo ali chigonere m'nyumba? Powerengera ndalama zinaperewera, ndipo maso onse anali pa ine.

Kuyambira pamenepo ndimalingalira za mlembi wolipidwa, wosakhala wachibale: makope awiri, la zolowa ndi la zotuluka, wotapa aliyense asaine, zochokera ku Joni kapena ku Harare zifikire pa nambala imodzi ya foni. Chondivuta nchakuti kwathu thandizo la pamaliro salipiritsa. Mwina mpingo ungamamulipire pachaka, kuti anamfedwa asamuone akutambasula dzanja pasiwa.