Funso limodzi la mayi wa geni, mafunso asanu ndi limodzi kwa wopikulitsa wa ku China

Mlembi wa nkhani ino anakula pa nthawi imene kupikula katundu kunja kunali ntchito ya miyendo. Amayi a geni ankakwera basi ya ku Joni, ena ankalowera ku Songwe kupita ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, ndalama zili zomanga m'chitenje. Akafika m'sitolo, funso loti ungatenge zochuluka bwanji silinkasowa womasulira. Munthu ankaloza dazeni ya nsapato, wogulitsa n'kulemba mtengo pa kalikyuleta, mayi n'kufafaniza n'kulemba wake, mpaka agwirizane. Za mayendedwe a katundu panalibenso chofunsa, chifukwa katunduyo ankabwera m'basi yomweyo ndi mwiniwake.

Dziko la Malawi litakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda okhala ndi mpamba wokulirapo anayamba kuulukira ku Guangzhou ndi ku Yiwu. Kenako mafoni a intaneti anafika m'manja mwa anthu wamba, ndipo ngakhale wogulitsa pabenchi anayamba kuona zithunzi za katundu pa Alibaba n'kupeza nambala ya WhatsApp ya wopikulitsa. Mtunda unafupika, koma dzanja lolozera lija linatha ntchito. Tsopano zonse ziyenera kulembedwa, m'Chingelezi, kupita kwa munthu amene naye Chingelezi si chilankhulo chake, ndipo nthawi zambiri amakhala akuyankha anthu ambirimbiri tsiku lomwelo. Apa m'pamene panabadwira ntchito imene kale kunalibe: mwana wa mlongo amene anafika Fomu 4, kalaliki wa pafupi, kapena mphunzitsi woyandikana naye nyumba, amapemphedwa kuti "awalembereko azungu aja". Mlembiyu ndi mmodzi wa anthu opemphedwa chotero.

Chimene waona n'chakuti funso la wageni limakhala lomveka bwino m'Chichewa, koma ukalitembenuza mmene lilili, limakabweretsa yankho lopanda ntchito.

Mayi wina wogulitsa zikwama za ana asukulu ku Limbe anabwera ndi foni yake nati: "Achimwene, muwafunse ngati angandipatseko pang'ono kaye kuti ndiyese msika, komanso zifika liti kuno." Kwa aliyense wa mumsika, funsolo n'lokwanira. Koma wopikulitsa wa ku Yiwu sadziwa kuti pang'ono pa mayiwa ndi zingati, sadziwanso kuti kuno ndi kuti. Akalandira uthenga wotero amangobweza mzere umodzi, `MOQ 500 pcs`, kutanthauza kuti chiwerengero chochepetsetsa chimene angagulitse ndi zikwama 500. Wageni wa mpamba wochepa akaona nambalayo amangotseka foni n'kunena kuti malonda a ku China ndi a anthu olemera.

N'chifukwa chake womasulira wodziwa ntchito sathamangira kulemba. Amayamba wafunsa mwiniwake wa funsolo. "Mayi, pang'onopo mukunena zingati? Mukufuna mitundu ingati? Mukufuna zilembedwe dzina la shopu yanu, kapena mutenga zimene zilipo kale?" Mayi uja anati akufuna zikwama 200, za mitundu inayi, zopanda dzina lililonse.

Funso lomalizalo ndi limene limatsegula khomo. Nambala ya 500 ija kawirikawiri imakhala ya katundu wochita kusokedwa mwapadera. Fakitale imagula nsalu ya mpukutu wathunthu, imatchera makina, imaika anthu pamzere, ndipo singachite zonsezo chifukwa cha zikwama makumi awiri. Koma katundu amene ali kale m'nyumba yosungiramo amagulitsidwa pa katoni, ndipo ambiri amalola katoni imodzi kapena zingapo, kungoti mtengo wa chikwama chimodzi umakwererako. Choncho uthenga suyenera kupempha chifundo kuti achepetse nambala. Uyenera kufunsa ngati ali ndi zosokasoka, ndiponso kuti m'katoni mumalowa zingati. Palinso msampha wina woti ufunsidwe poyera: kodi chiwerengerocho n'cha oda yonse, kapena cha mtundu uliwonse? Zikwama 500 za mtundu uliwonse pa mitundu inayi ndi zikwama 2,000, ndipo zimapweteka kuzindikira zimenezi dipoziti italipidwa kale.

Wopikulitsa uja anayankha kuti zosokasoka zilipo, m'katoni mumalowa 40, mtundu umodzi pa katoni. Katoni ndi ya masentimita 60 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 msinkhu, yolemera makilogalamu 14. Manambala amenewa mayi uja sanawafunse, ndipo sakanaganiza zowafunsa, koma ndi amene amanena ngati malondawo ali ndi phindu.

Katundu wa pa sitima yapamadzi amalipiridwa potengera malo amene watenga, ndipo muyeso wake pafoni umaoneka ngati `CBM`, ndiye kuti bokosi la mita imodzi mbali zonse. Kuwerengera kwake n'kosavuta:

```
0.6 x 0.5 x 0.4 = 0.12 CBM
```

Zikwama 200 ndi makatoni asanu, amene akutenga 0.6 ya muyesowo. Kontena yaing'ono ya mafiti 20 imalowa katundu wa miyeso pafupifupi 28 ikapakiridwa bwino, choncho mayiwa sangabwereke yawoyawo. Katundu wawo ayenera kulowa m'kontena yophatikizana ndi amalonda ena. Apa ajenti wotumiza katundu amene anafunsidwa anati salipiritsa zochepera muyeso umodzi wathunthu, monga amachitira ambiri pa katundu wophatikiza. Ndiye kuti makatoni asanu ndi makatoni asanu ndi atatu mtengo wa sitima ndi umodzi, pakuti asanu ndi atatuwo akutenga 0.96. Mayi uja atamva zimenezi anawerenga mpamba wake n'kukweza oda kufika pa zikwama 320, makatoni awiri a mtundu uliwonse. Ndalama ya sitima yomwe ikanagawidwa pa zikwama 200 inagawidwa pa 320.

Ndege ili ndi lamulo lakenso limene limadabwitsa ambiri. Katundu wopepuka koma wotenga malo salipiridwa pa sikelo yokha. Amachulukitsa mbali zitatu za katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6,000, ndipo makampani ena otumiza maphukusi mwachangu amagawa ndi 5,000. Katoni ya zikwama ija imatuluka makilogalamu 20, pamene pa sikelo ndi 14, ndipo amalipiritsa nambala yaikuluyo. Womasulira akangofunsa kulemera n'kusiya kukula kwa katoni, wageni amawerengera makilogalamu 70 pa makatoni asanu, bilu n'kubwera ya 100.

Tsopano mbali yachiwiri ya funso, yoti zifika liti kuno. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wa pa sitima amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako n'kuyamba ulendo wina wa pamtunda. Wopikulitsa wa ku China akamva zoti katundu atumizidwe, iye amaganiza za doko. Akalemba mtengo ndi zilembo `EXW`, akutanthauza kuti katundu mukamutengera pakhomo pake, zonse zotsatira ndi zanu. Akalemba `FOB Ningbo`, iye alipira mpaka katundu atakwezedwa m'sitima padoko la Ningbo. Akalemba `CIF Beira`, walipira sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Beira, basi. Zolipira za padoko, lole yodutsa ku Tete kudzalowera pachipata cha Mwanza, ajenti wokiliya katundu ndi msonkho wa MRA, zonsezo zimadikira mwini katundu. Mlembiyu amakhumudwa akaona womasulira akuuza wageni kuti "akuti atumiza okha", pamene pafoni palembedwa dzina la doko la ku Mozambique. Kumasulira kotero kumasiyitsa anthu katundu padoko, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku.

Masiku nawonso amabwera m'zigawo. Pali masiku okonza ndi kupakira katundu, amene amayamba kuwerengedwa dipoziti ikafika, osati tsiku lofunsa. Pali masiku odikira kuti kontena yophatikiza idzaze, masiku a panyanja, ndi masiku ochoka padoko kufika ku Blantyre. Wopikulitsa akati masiku asanu ndi awiri, amanena chigawo choyamba chokha. Zikwama za sukulu zimayenda malonda chaka cha maphunziro chikamayamba mu Seputembala, choncho wofuna kubweretsa pa sitima ayenera kuti wamaliza zokambirana miyezi itatu kapena inayi nthawiyo isanakwane. Wofunsa mu Januwale kapena Febuluwale akumbukirenso kuti mafakitale a ku China amatseka kwa milungu ingapo pa chikondwerero cha chaka chawo chatsopano.

Uthenga umene unapita m'malo mwa funso la mayi uja unali ndi mizere isanu ndi umodzi, uliwonse ndi nambala yake. Unafunsa ngati chikwama cha pachithunzicho chilipo chosokasoka. Chiwerengero chochepetsetsa, pa mtundu kapena pa oda yonse. Kuchuluka kwa m'katoni, kukula kwake ndi kulemera kwake. Mtengo wa zikwama 200 m'madola a ku America. Ngati mtengowo ukuphatikiza kukasiya katundu kwa ajenti wa mayiwa ku China komweko. Ndi masiku ofunika dipoziti ikalipidwa. Moni anali wa mzere umodzi. Ulemu wa kwathu, wofunsa za kunyumba ndi kupepesa posokoneza, womasulira amaupereka kwa mayi amene ali naye pamaso. Kwa wopikulitsa, ziganizo zazitali zimangobisa funso, ndipo amayankha limodzi lokha limene walimva. Manambala a mizere amathandiza kuona msanga kuti funso lachitatu walidumpha, n'kulibwereza lokhalo.

Kutchula madola sikungokongoletsa uthenga. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ambiri amalipira gawo la ndalama poyamba, kawirikawiri 30 peresenti, yotsalayo katundu asananyamuke. Amene anali pakati pa malipiro awiriwo nthawi imeneyo anafunika makwacha ochuluka kwambiri kuti amalize ngongole yomweyo ya madola. Chichokereni nthawiyo mlembiyu amawonjezera funso loti mtengo woperekedwawo ukhala masiku angati usanasinthe, ndipo pobweza yankho kwa wageni amanena padera ndalama imene ili m'madola ndi imene idzalipidwe m'makwacha kuno kumudzi.

Yankho likabwera, limamasuliridwanso kubwerera m'Chichewa cha mumsika, chifukwa mayi safuna kumva zilembo zitatuzitatu zija. Amafuna kudziwa kuti chikwama chimodzi chidzakhala chitawadyera zingati chikamafika pabenchi ku Limbe. Womasulira amaphatikiza mtengo wa katundu, wa sitima, wa lole, wa ajenti ndi msonkho, n'kugawa ndi 320. Nambala imeneyo mayi uja anaiyerekeza ndi mtengo umene amapikulira zikwama zofanana nazo m'masitolo a ku Limbe komweko, ndipo anapempha kuti wopikulitsayo atumize kaye chikwama chimodzi pa ndege, aone zipi ndi msoko wa malamba asanapereke dipoziti.