Kupeza makanema obwereza m'disiki ya woika nyimbo pa Nambuma

Kanema mmodzi amatha kupezeka kanayi m'disiki imodzi mwini wake osadziwa. Oika nyimbo ndi makanema m'mafoni pa Nambuma, pa Nsaru ndi pa Kabudula amakumana nazo kawirikawiri, chifukwa katundu wawo amabwera m'njira zambiri. Wina amachokera kwa wojambula maukwati, wina pa memori khadi ya kasitomala, winanso pa WhatsApp, yomwe imachepetsa kanemayo n'kumupatsa dzina latsopano monga `VID-20230812-WA0014.mp4`. Dzina la fayilo choncho silithandiza kanthu.

Ntchito imayamba ndi mafayilo ofanana ndendende. Pulogalamu ngati `fdupes` imayang'ana kukula kwa mafayilo, kenako n'kuyerekeza zam'kati mwake. Njirayi siphonya, koma imagwira okhawo amene anangokoperedwa ndi kusinthidwa dzina. Kanema akapanikizidwanso, manambala onse a m'fayilo amasintha, ngakhale diso likuona kwaya yomweyo ikuvina chimodzimodzi.

Chimene sichisintha kwenikweni ndi kutalika kwa nthawi. Lamulo ili limatulutsa masekondi a kanema:

```
ffprobe -v error -show_entries format=duration -of csv=p=0 kwaya.mp4
```

Makanema 10,000 atati ayerekezedwe aliyense ndi mnzake, pangakhale magulu a awiriawiri pafupifupi 50 miliyoni. Akasanjidwa motsata kutalika, amangoyerekezedwa okhawo osiyana ndi sekondi imodzi kapena awiri, ndipo kompyuta yakale imaikwanitsa ntchitoyo batire lisanathe.

Kenako pamatengedwa chidindo cha chithunzi. M'kanema aliyense amadulamo zithunzi zisanu pamalo ofanana: pa 10, 30, 50, 70 ndi 90 peresenti ya kutalika kwake. Poyambirira ndi pothera amapapewa dala, poti nthawi zambiri pamakhala mdima, ndipo mdima umafanana m'makanema onse. Chithunzi chilichonse amachichotsa mitundu n'kuchifinya mpaka chitsale timadontho 9 m'mbali ndi 8 chotsika. Lamulo ili likudula pa 50 peresenti ya kanema wa masekondi 372:

```
ffmpeg -ss 186 -i kwaya.mp4 -frames:v 1 -vf scale=9:8,format=gray chidindo.png
```

Pa mzere uliwonse, kadontho kakawala kuposa kamnzake ka kumanja pamalembedwa 1, apo ayi 0. Mizere 8 ya mayankho 8 imapereka manambala 64. Chithunzi chikafinyidwa chotere pamatsala mawanga akuluakulu okha: khoma loyera la tchalitchi, mzere wakuda wa mitu ya oimba, nthaka pansi. Mawangawa amaoneka mofanana m'kanema wa kamera ndi m'kanema wa foni yamabatani. Zidindo ziwiri zikasiyana malo osaposa 10 mwa 64 pa zithunzi zonse zisanu, ndiye kuti mwina kanemayo ndi mmodzi. Zithunzi zosagwirizana konse zimasiyana malo pafupifupi 32, theka lenileni. Amene safuna kulemba malamulo amagwiritsa ntchito Czkawka kapena Video Duplicate Finder, mapulogalamu aulere omwe amatsata nzeru yofananayi.

Mwachitsanzo, nyimbo ya kwaya ya masekondi 372 ili m'mafayilo atatu. Yoyamba ndi ya 1920×1080, yachiwiri inadutsa pa WhatsApp ndipo yatsika kufika pa 848×480, koma masekondi ndi omwewo ndipo zidindo zikusiyana malo atatu kapena anayi okha. Yachitatu ili ndi masekondi 387. Woika nyimbo wina anamatirira kutsogolo kwake chikwangwani cha shopu yake cha masekondi 15. Sefa ya kutalika imaidumpha, ndipo ngakhale italowetsedwa mokakamiza, pa 50 peresenti yake pamagwera sekondi ina ya nyimboyo. Mankhwala ake ndi kudula chithunzi sekondi iliyonse n'kufufuza mndandanda wa zidindo zogwirizana motsatizana, kapena kuyerekeza mawu ndi `fpcalc` ya Chromaprint. Zonsezi zimadya nthawi, n'chifukwa chake zimasungidwira makanema okayikitsa okha.

Mipiringidzo yakuda m'mbali mwa chithunzi nayo imasokoneza chidindo, choncho imadulidwa kaye. `cropdetect` ya `ffmpeg` imasonyeza podula. Vuto loopsa kwambiri ndi lotembenuka. Kamera ikaimikidwa malo amodzi m'tchalitchi, nyimbo ziwiri za kwaya imodzi yovala yunifolomu imodzi zimatulutsa zidindo zoyandikana kwambiri. Apa chosiyanitsa ndi khutu, ndipo munthu wodziwa ntchito safufuta fayilo asanaitsegule ndi kumvera kachigawo.

Posankha yosunga, kuchuluka kwa timadontho kumanyenga. Kanema wa pa WhatsApp akhoza kukuzidwa n'kulembedwa 1080, koma nkhope zimakhalabe zachimbuuzi ndipo nsalu zamaluwa zimaoneka timabokosi. Amaimika mafayilo onse pa chithunzi chimodzi n'kuyang'ana ndi maso. Otsalawo amapita m'foda yapadera kwa mwezi wathunthu asanafufutidwe, kupatula fayilo yaing'ono ya 3GP, yomwe imasungidwa dala chifukwa makasitomala a mafoni amabatani amaifunabe.