Juwisi wa mango akagona kunja kwa firiji

Botolo lija la juwisi wa mango wofinya dzulo, lomwe lagona pathebulo magetsi atazima, m'mawa limapezeka litalimba gwa ngati mpira wopopa. Kungopotokola chitsekerero, tsweee, thovu kusefukira, fungo lake ngati thobwa la masiku atatu.

Imeneyi ndi ntchito ya yisiti, tizilombo tosaoneka ndi maso tochokera pakhungu la chipatso, m'manja ndi pasefa. Timadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi kamowa pang'ono, ndipo mabakiteriya amawonjezerapo kuwawasa. Kutentha kwa mu Novembala, kukafika madigiri 30, usiku umodzi umakwana. Mufiriji, pansi pa madigiri 5, tizilomboti timangofooka, sitifa.

Ambiri amathiramo shuga wina kuti kuwawasako kubisike, koma kumeneko n'kuwonjezera chakudya cha yisiti yemweyo. Kuwiritsa pamenepa n'kuchedwa, kukoma sikubwerera.

Thovulo palokha si poizoni. Chovuta n'chakuti limasonyeza kuti juwisiyo wakhala pofunda nthawi yaitali, ndipo tizilombo totsegula m'mimba, tomwe sitichita thovu kapena kununkha, tikhoza kukhala titaswananso. Mango akupsa sawawasa ngati malambe kapena mandimu, choncho satchinjiriza kwenikweni. Juwisi wotereyu ngwotaya, makamaka pakhomo pa ana.

Kopanda firiji, juwisi amawiritsidwa akangofinyidwa, n'kuthiridwa adakali wamoto m'botolo lagalasi lotsukidwa ndi madzi otentha, n'kutseka pomwepo. Likatsegulidwa, amwedwe tsiku lomwelo.

Nanga ogulitsa juwisi wa malambe m'misika, wotsala madzulo amatani naye?