Kope la mayina ndi mipando ya akuluakulu

Pa ukwati wa mchemwali wake mu 1995, mlembi wa nkhaniyi sanaone pepala lililonse kupatula la kutchalitchi. Banja lawo linali litangobwerera ku Furancungo kuchokera ku Dedza, kumene linathawira nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nyumba zinali zaudzu watsopano, mipando pamudzi ponse inalipo yosakwana khumi. Uthenga wa ukwati unayenda pakamwa ndi panjinga, ndipo aliyense amene anaumva anabwera.

Koma anthu sanakhale mwachisawawa. Amuna akuluakulu anali pansi pa mtengo, anyakwawa ndi ankhoswe pa mipando ija. Amayi anayala mphasa chakuseri kwa nyumba, pafupi ndi miphika. Alendo akuchimuna anali ndi mbali yawo, ndipo chakudya chawo chinkapita kumeneko m'mabeseni ovindikira. Mkamwini aliyense ankadziwa njira yolambalala kuti asakumane maso ndi maso ndi apongozi ake, nanji kudya iwo akuona. Palibe analondolera munthu malo. Bwalo linali lalikulu, aliyense anali ndi pothawira manyazi ake.

Lero pa Furancungo, likulu la boma la Macanga, maukwati a anthu a ntchito ndi alimi opezako bwino asintha. Ndalama za fodya zinabweretsa malata ndi njinga zamoto, kampani ya Movitel itayamba ntchito mu 2012 mafoni anafika kumidzi yambiri, ndipo kuchokera mumzinda wa Tete kunabwera khalidwe la madyerero amene Chipwitikizi chimati kopo dagwa. Pali konvite, khadi lolowera anthu awiri. Pali salau, pali atsikana a protokolo pakhomo atavala kapulana yofanana. Pansi pa konvitepo pamalembedwa nambala ya foni ndi tsiku lomaliza kuyankha ngati munthu abwera.

Mu Ogasiti 2022, mwana wamkazi wa mchemwali uja anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Tsangano. Mlembiyu, poti ndi mphunzitsi ndiponso malume wamng'ono wa mkwatibwi, anapatsidwa kope la mayina.

Makonvite anasindikizidwa 90, mbali iliyonse 45. Izi zikutanthauza mipando 180, matebulo ozungulira 18 a anthu khumikhumi, kupatulapo tebulo lalitali la akwati kutsogolo. M'kopemo anadula mizere: dzina, mbali yake, ubale wake ndi akwati, yankho, ndi njira imene yankholo lafikira. Mzere womalizawu anauwonjezera ataona kuti mawu akuti "abwera" onenedwa ndi mwini wake pafoni salingana ndi "abwera" wongomva kwa mwana amene anakumana nawo kumsika. Tsiku lotsekera linali milungu iwiri ukwati usanafike, chifukwa ophika ankafuna kudziwa za mpunga ndi nkhuku, ndipo mwini mipando ankafuna chikole.

Tsikulo litakwana, makonvite 58 anali atavomera, 8 atakana, 24 ali chete.

Mtsikana wokongoletsa salau, yemwe anachokera ku Tete, anati mwambo wa ntchito yake ndi wosavuta: wosayankha alibe mpando. Mlembiyu anayang'ana mayina 24 aja nangogwira pakamwa. Khumi ndi asanu anali a agogo, azakhali, anyakwawa ndi achimwene ake enieni aakulu, mwini mbumba. Anthu amenewa sayankha konvite, ndipo si chifukwa cha kusowa foni kokha. Kwa iwo funso lakuti "kodi mubwera?" ndi chipongwe, lili ngati kufunsa munthu ngati adzagona m'nyumba mwake. Achimwenewo atafunsidwa mwaulemu anangoti, "Mwana ndi wanga. Ndiyankhe kwa yani?" Choncho khumi ndi asanu onsewo anawerengedwa kuti abwera, awiriawiri. Otsala asanu ndi anayi anali anzawo a akwati a kuntchito ndi kusukulu, okhala ku Tete ndi ku Ulongué. Chete wa amenewa ndi wina: nthawi zambiri amatanthauza kuti ya thiransipoti yavuta koma akuchita manyazi kunena. Anawaimbira mmodzimmodzi, anayi anavomera. Anthu oyembekezeka anakwana 154, matebulo 16. Awiri otsalawo sanabwezedwe. Anaimikidwa chakumbuyo, oyalidwa bwino, opanda dzina la munthu.

Kuwerenga kunathera pomwepo. Chotsatira chinali kuika anthu, ndipo apa kope lokha silikanathandiza.

Mtsikana uja anabweretsa chojambula chake chaukhondo. Pa tebulo lalitali panali akwati, padirinyu ndi madirinya, banja lija limene limaimira ukwati kutchalitchi ndi kurejisto. Tebulo 1 linali la makolo a mkazi, tebulo 2 makolo a mwamuna, kenaka abale malinga ndi mmene dzina la bambo likufananira. Motero mwini mbumba, amene dzina lake ndi losiyana ndi la mkwatibwi, anapezeka pa tebulo 9, pamodzi ndi aphunzitsi anzake a mlembiyu. Si kuti mtsikanayo ankanyoza. Iye ankadziwa banja la pa chitupa, la bambo, mayi ndi ana. Koma kwa Achewa a ku Macanga mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo amene analandira mawu ofunsira mbeta, amene anasankha ankhoswe, amene adzaitanidwe ukwati ukadzagwedezeka, ndi malume. Bambo amalemekezedwa, koma pamudzi pa mkazi wawo ndi akamwini.

Kuchimuna kunali kwina. Banja la ku Tsangano lija linali lachingoni, la mwambo woti mawu amachokera kwa bambo ndi abale awo aamuna. Kukonza mbali zonse ziwiri ndi muyeso umodzi kukanalakwira imodzi. Mlembiyu sanayerekeze kulowerera: anatumiza mayina 45 akuchimuna kwa nkhoswe wawo kuti awasanje yekha, ndi pempho limodzi, kuti atchule amene sangakhale tebulo limodzi. Yankho linabwera ndi mayina a amayi awiri amene anakwatiwapo ndi bambo mmodzi.

Akuchikazi anakhala pansi madzulo atatu ukwati usanachitike. Mlembiyu ankawerenga dzina mokweza, azakhali awiri ndi nkhoswe n'kumanena kuti uyu apite apa. Iwo sanayambe ndi funso lakuti ndani wamkulu, anayamba ndi lakuti ndani sadyera limodzi ndi ndani. Pali amene analimbirana munda atabwerera kuchokera ku Malawi, poti minda ina anaipeza ikulimidwa ndi ena, ndipo mlanduwo sunazizire mpaka lero. Pali amene ukwati wawo unatha koma onse ndi ofunika kwa mkwatibwi. Oterewa anawaika motalikirana ndi matebulo awiri kapena atatu, ndipo osati moyang'anizana. Asuweni okha ndiwo anawaunjika pamodzi mwadala, poti chisuweni n'chotukwanizana mwanthabwala, tebulo lawo silisowa phokoso.

Kutsogolo kunakhala motere. Kumanja kwa akwati, tebulo la mwini mbumba ndi ankhoswe akuchikazi, pambali pake la makolo a mkwatibwi. Kumanzere, bambo a mkwati ndi abale awo, pambali pake ankhoswe awo. Pakati, anyakwawa ndi akulu ampingo. Manambala anachotsedwa pa matebulo asanu amenewa, chifukwa munthu wosadziwa kuwerenga kalata amadziwabe kuti 1 amaposa 4. M'malo mwake mtsikana wa protokolo wodziwa nkhope zawo ndiye ankawaperekeza.

Azakhali mmodzi anaonjezera zimene chojambula sichinaganizire. Zokuzira mawu zinali zoti ziime pafupi ndi tebulo lalitali, kutanthauza m'makutu mwa nkhalamba. Zinasunthidwa kupita pakati pa khoma. Agogo anaikidwa kufupi ndi khomo lam'mbali lopita kuchimbudzi, koma osati pakamwa pake, popeza mphepo ya Ogasiti kumapiri kuno imalowa m'mafupa. Pakati pa matebulo panasiyidwa mpata wa mita imodzi ndi theka, kuti wonyamula mbale adutse kumbuyo kwa mipando yokhala anthu. Chakudya chinali chodzitengera pamzere, koma matebulo akutsogolo anawapititsira, atayamba kuzunguliridwa ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Nyakwawa saima pamzere ndi mbale. Ndipo pangodya panayalidwa mphasa ziwiri. Mtsikana wa ku Tete anadandaula kuti ziononga zithunzi, koma pofika masana agogo aakazi asanu anali atatsika m'mipando yawo yomangidwa nsalu zoyera n'kutambalala pamenepo.

Cholakwa chimodzi chinadutsa, ndipo chinali cha mlembiyu. Pa tebulo la makolo a mkwatibwi panatsala mipando iwiri, iye n'kulembapo mkulu wake wa mkwatibwi ndi mwamuna wake, poganiza kuti ndi banja limodzi. Anachita izi usiku, azakhali atapita kukagona. Tebulo lozungulira lilibe kuseri. Mkamwiniyo anapezeka atayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, mchemwali wa mlembiyu, pa mtunda wosakwana mamita awiri. Sanadandaule. Anakhala cham'mphepete mwa mpando, maso ali pa nsalu ya patebulo, botolo lake losatsegula. Mayiwo anapotoza mpando wawo ngati akuonerera ovina, ngakhale kuti panalibe amene ankavina. Mpunga unazizira m'mbale zonse ziwiri.

Azakhali ndiwo anaona. Anafika kumbuyo kwa mlembiyu n'kumunong'oneza, "Inu aphunzitsi, mwawerenga mabuku onsewa, simukuona kuti alamu anu akuphedwa ndi njala pamodzi ndi mkamwini wawo?" Alamuwo, bambo a mkwatibwi, nawonso anali atasiya kudya poona mmene zinthu zinalili. Mnyamata wina anatumidwa kukauza mkamwiniyo kuti akufunika panja pa nkhani ya jenereta. Pobwera anamulondolera ku tebulo la asuweni, mbale yatsopano ili kale pamenepo.

Salau ikasokonekera zizindikiro zake ndi zoterezi, ndipo sizimveka ndi makutu. Munthu wamkulu amaima panja n'kumati akuwothera dzuwa. Mipando imayamba kukokedwa kuchoka tebulo lina kupita lina. Mbale imatuluka pakhomo itavindikiridwa ndi nsalu. Wosunga kope amene wakhala pansi n'kumadya saziona.

Mlembiyu sakhumba kubwerera ku 1995, pamene nyama inatha alendo akuchimuna ena asanalawe. Kope linathandiza ophika, linathandizanso thumba la banja. Koma sagwirizana ndi oimitsa anyamata amphamvu pakhomo kuti abweze wopanda khadi. Tsiku limenelo anthu a m'mudzi amene analibe konvite anadya nsima ndi nyama yambuzi panja pansi pa mitengo, monga kale, ndipo akwati anatuluka kukawagwadira.

Matebulo awiri opanda mayina aja sanakhale pachabe. Anyakwawa anabwera ndi nduna zawo zitatu. Lole ya ku Tsangano inatsitsa matumba a kachewere a mphatso pamodzi ndi amayi khumi ndi awiri oimba, amene sanalembedwe paliponse. Mabanja awiri a ku Tete amene anavomera pafoni sanaoneke n'komwe. Pa mipando 180, khumi ndi isanu inatsala yopanda munthu, ndipo mwa akuluakulu khumi ndi asanu aja amene sanayankhe konvite, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anajomba.