Masamba oyera m'kaundula wa kiliniki

Fomu ya mlangizi mmodzi inakhala patebulo panga masiku anayi osalembedwa. Munali mu Epulo 2023, chaka cha boma chitangotha pa 31 Malichi, ndipo ndinkalemba za kagwiridwe ka ntchito ka alangizi a zaumoyo amene ndinkawayang'anira pachipatala china chaching'ono m'boma la Machinga. Mafomu a enawo sanandivute. Koma bambo ameneyu chaka chake chinali ngati munda wolimidwa ndi anthu atatu osiyana.

Chimene chinali m'mutu mwanga chinali kolera. Mliriwu unayambira kwathu konkuno ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo mvula itabwereranso kumapeto kwa chaka unakula koopsa. Kuyambira Disembala mpaka namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi, bamboyu sankagona. Ankagawa kulorini khomo ndi khomo, kulondola mabanja a odwala, kuyang'anira maliro kuti anthu asasambitse mtembo. Dzanja linkafuna kumupatsa 5, malikisi apamwamba pafomu yathu. Koma fomu inkafunsa za miyezi 12, ine ndikukumbukira inayi.

Ndinapalasa njinga kukatenga kaundula wa kiliniki yake ya m'mudzi, momwe amalemba ana osakwana zaka zisanu amene wawaona ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba. Ndinamuika pambali pa malipoti ake a mwezi ndi mwezi, n'kugawa chakacho patatu. Epulo mpaka Julayi zonse zinali m'malo mwake. Vuto linali Ogasiti mpaka Novembala.

Apa ndi pomwe woyang'anira amalakwira munthu mosavuta. Chiwerengero cha ana chinatsika mu Ogasiti, koma m'chilimwe udzudzu umachepa ndipo malungo amatsika paliponse. Kumeneko si ulesi. Mu Seputembala mankhwala a LA anatithera, ndipo kaundula anachitira umboni: mayina a ana analipo, tsiku ndi tsiku, pambali pake palembedwa kuti watumizidwa kuchipatala. Munthu amene wasowa mankhwala amalembabe, chifukwa amayi amabwerabe ndi ana kumsana. Munthu amene palibe salemba kanthu. Mu Okutobala ndi Novembala mankhwala anali atabwera, siginecha yake yolandirira ilipo, koma masamba anali oyera masabata athunthu. Malipoti a miyezi iwiriyo anafika mochedwa, manambala ake ofanana ngati mapasa. Matenda sayenda chotero.

Njira yachidule inali kuphatikiza zabwino ndi zoipa n'kulemba 3. Ambiri timatero, ndipo palibe amakudandaula. Koma 3 ameneyo akanafotokoza munthu amene kulibe, wogwira ntchito mwapakatikati chaka chonse, pomwe uyu anali katswiri miyezi ina, wosowa miyezi ina.

Ndinamuitana tisanalembe kanthu. Ndinangotsegula kaundula pa Okutobala n'kumusunthira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bwana, mayi anga ankadwala ku Ulongwe. Ndinkati ndipita Lachisanu, ndibwera Lolemba. Kenako Lolemba linkasanduka Lachinayi."

"Nanga osandiuza bwanji, bambo?"

"Inunso simunabwere, bwana."

Sananene mwachipongwe, ndipo sananame. Ku Ulongwe, m'boma la Balaka, si kutali ukangooloka Shire pa Liwonde. Akanapempha tchuthi, ndikanapempha mnzake wa mudzi woyandikana kuti azitsegula kiliniki kamodzi pasabata. Koma buku langa la maulendo linkaonetsa kuti pakati pa Ogasiti ndi Disembala sindinapondeko kumudzi kwake. Malipoti amapasa aja ndinawalandira ndekha n'kuwasainira. Zimene ndimayenera kumuuza mu Novembala ndinkafuna kumuuza mu Epulo, ndi cholembera chofiira.

Ndiye tinalemba cholinga chilichonse pachokha. Pa kupewa ndi kulimbana ndi miliri ndinamupatsa 5, n'kutchula midzi ndi miyezi. Pa kiliniki ya m'mudzi ndinamupatsa 2, ndi mawu awa: kiliniki sinatsegulidwe mokwanira mu Okutobala ndi Novembala mankhwala alipo, kuchepa kwa ntchito mu Seputembala kunali chifukwa cha kusowa kwa mankhwala. Pa malipoti, 2, chifukwa manambala ongopeka amasokoneza kaitanitsidwe ka mankhwala a mwezi wotsatira. Mawu oti "ndi wosadalirika" ndinawalemba papepala losewera n'kuwafufuta. Fomu imakhala m'failo zaka zambiri, ndipo wodzaiwerenga pa nthawi yokweza anthu sadzadziwa kuti inali miyezi iwiri. Za matenda a mayi ake ndinamufunsa ngati akufuna zilembedwe. Anakana, ndipo tinangoti panali zovuta za kubanja zimene sanazinene pa nthawi yake.

M'bokosi la ndemanga za woyang'anira ndinaonjeza mzere umene unandiwawa kuposa yonse: kuti m'miyezi imeneyo sanayenderedwe. Anauwerenga kawiri, n'kusaina pansi pake. Ali pakhomo anatembenuka n'kufunsa ngati ulendo wa Meyi ndidzabwere Lachiwiri kapena Lachinayi, kuti auziretu amfumu.